Mmene mungalembere kalata yochoka pa pulojekiti ya risechi kapena yosiyana ndi supavaiza popanda kuswa ubale

Akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ambiri a ife amene tikupanga mastazi kapena PhD ndi mmene timachitira zikativuta ndi supavaiza. Sitikana poyera, timangoviika basi, foni osayankha, imelo osatsegula, tikawaona akubwera pa kolido timakhotera ku laibulale. Vuto lake ndi loti ku yunivesite kuviika sikugwira ntchito, chifukwa pa mapepala dzina lanu likadali pansi pa munthu yemweyo, miyezi ikuwerengedwa, fizi ikuwerengedwa, ndipo tsiku lina mudzangolandira kalata yoti nthawi yanu yatha. Nde ngati mwaganiza zochoka, lembani kalata. Koma kalatayo ibwere kumapeto, pali zinthu zingapo zoti muyambe mwakonza.

Choyamba, dziwani chimene mukusiya kwenikweni

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, nde ndikhalapo pang'ono. Pali zinthu zitatu zosiyana zimene timangozitcha kuti kuchoka. China ndi kuchoka pa pulojekiti, kutanthauza risechi ija ya ndalama za madona imene supavaiza wanu akuyendetsa, koma digiri mukupitiriza. China ndi kusintha supavaiza, mutu wa risechi ungakhale womwewo. Chachitatu ndi kusiya sukulu yonse, kaya kwa kanthawi kaya mpaka kale. Zitatuzi zimapita ku maofesi osiyana ndipo zotsatira zake sizifanana ngakhale pang'ono.

Kalata ya ku yunivesite kuno imalembedwa m'Chingerezi, ndipo liwu la Chingerezi limene timagwiritsa ntchito ponena kuti ndikuchoka pa pulojekiti ndi lomwe lija a ku rejisitala amagwiritsa ntchito pochotsa munthu sukulu, lija loti withdraw, limene amalemba munthu akawidedwa. Ndiye mukalemba mzere umodzi wosamveka bwino, kalaliki amene sakukudziwani atha kuwerenga ngati mwasiya digiri, nkuika kalatayo mu fayilo yolakwika, ndipo kubweza zimenezo kumatenga miyezi. Choncho mu kalata yanu payenera kukhala chiganizo chonena mosabisa kuti ndikadali wophunzira wa pulogalamu yakutiyakuti ndipo ndikufuna kumaliza. Chioneka ngati chobwereza koma chisiyeni momwemo.

Kuti tisamalankhule za m'malere tiyerekeze nkhani imodzi. Mtsikana akupanga mastazi ya zaulimi, chaka chachiwiri. Analowa kudzera pa pulojekiti ya supavaiza wake yofufuza za kasungidwe ka mtedza kwa alimi ang'onoang'ono, pulojekitiyo imamulipirira fizi ndi kumupatsa kandalama ka pamwezi, anamupatsanso laputopu ndi tabuleti yotolera deta. Wafunsa kale alimi 120 mwa 200 amene anakonza. Pano wapeza ntchito ku boma lina lakutali, sangathenso kumapita ku filudi sabata iliyonse, komanso kunena zoona machaputala ake amakhala miyezi itatu osawerengedwa. Akufuna kuchoka pa pulojekiti ndi kupeza supavaiza wina, koma digiri akuifuna. Ameneyu ndi amene tiyende naye.

Chachiwiri, werengani mapepala amene munasaina

Musanauze aliyense, fufuzani mapepala atatu. Kalata imene anakulandirirani sukulu, buku la malamulo a ophunzira a digiri yachiwiri la yunivesite yanu, ndi kontilakiti ya sikolashipu kapena ya pulojekiti. Kaya muli ku UNIMA, LUANAR, MZUNI, KUHeS, MUBAS kapena MUST, aliyense ali ndi malamulo ake, ndipo chichokereni kugawidwa kwa Yunivesite ya Malawi mu 2021 musadalire zimene anakuuzani amene anamaliza kalekale, pezani buku la panopa.

Mu buku la malamulo mukufuna mudziwe amene amavomereza kusintha supavaiza, ngati pali fomu yake, komanso nthawi yotalikitsitsa imene mukuloledwa kukhala pa pulogalamu. Chomalizachi ndi chofunika chifukwa kusintha supavaiza nthawi zambiri sikubweza wotchi m'mbuyo, miyezi imene yapita yapita. Mu kontilakiti yang'anani zitatu, notisi ndi ya masiku angati, ngati mukachoka pakati mubweza ndalama, komanso deta ndi ya ndani. Ngati munabwera pa tchuthi cha maphunziro kuchokera ku ntchito, makamaka m'boma, onaninso bondi yanu chifukwa abwana a ku ntchito angafunike kudziwitsidwa.

Tinene kuti mtsikana wathu wapeza kuti kontilakiti yake ikufuna notisi ya masiku 30, ndalama zimene analandira kale sabweza, koma fizi ya semesita yotsatira adzalipira yekha. Apa wadziwa kale tsiku loti alembe mu kalata, wadziwanso kuti thumba lake liyenera kukonzeka. Ena akawerengera apa amasintha maganizo nkupirira miyezi yotsalayo, ndipo palibe cholakwika, bola mwasankha mukudziwa.

Chachitatu, nkhani ya deta

Iyi ndiye imayambanitsa anthu kuposa kalata yeniyeniyo. Ife timaganiza kuti poti ndinayenda ndekha pa njinga ya kabaza kukafunsa alimi, dzuwa linandiwotcha ine, nde deta ndi yanga. Pa pulojekiti ya madona nthawi zambiri sizili choncho, deta imakhala ya yunivesite kapena ya pulojekiti, ndipo amene amayankha mafunso ndi mkulu wa risechi amene dzina lake lili pa chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa. Kwa a zaumoyo komiti zake ndi monga COMREC kapena NHSRC, ena amadzera ku komiti ya yunivesite yawo kapena ya ku NCST. Chilolezo chimenecho chimatchula mutu wa risechi ndi anthu ochita risechiyo, choncho mukachoka kapena supavaiza akasintha komiti imayenera kudziwitsidwa, ndipo mukatenga mutu watsopano mungafunike chilolezo chatsopano, zimene zimadyanso nthawi.

Nde musachite zimene amachita ena, kukopera zonse pa fulashi usiku, kufufuta pa laputopu ya pulojekiti kenako kutumiza kalata m'mawa. Kumeneko ndi kudziika pa mlandu, ndipo ngakhale mutalemba thesisi yabwino bwanji, supavaiza wakale akangonena kuti deta iyi sindinaloleze, thesisiyo siyenda. Chimene mukuyenera kuchita ndi kupempha, ndipo chilolezocho chilembedwe. Mtsikana wathu apemphe kugwiritsa ntchito mayankho a alimi 120 aja pa thesisi yake yokha, atachotsamo mayina ndi manambala a foni, ndipo alonjeze kuti pulojekiti ndi amene anapereka ndalama adzatchulidwa. Mafomu a chilolezo amene alimi anasaina kapena kudinda chala abwerere ku pulojekiti onse, amenewo si osunga kunyumba.

Ngati pali pepala limene munayamba kulemba limodzi loti likasindikizidwe mu jenolo, litchuleninso pano. Kuchoka pa pulojekiti sikufufuta ntchito imene munagwira, koma mukangokhala chete pepala lidzatuluka patapita chaka dzina lanu mulibe, ndipo nthawi imeneyo kudandaula kumavuta.

Chachinayi, pezani kolowera musanatuluke

Dipatimenti zathu ndi zazing'ono, mwina anthu odziwa nkhani yanu alipo awiri kapena atatu basi, ndipo amamwera tiyi limodzi. Pitani kwa kodineta wa maphunziro a digiri yachiwiri kapena hedi wa dipatimenti, mufunse ngati kusintha nkotheka komanso amene ali ndi malo. Mukapita kwa lekichara amene mukumufuna, musayambe ndi kudandaula za mnzake, adzaopa kuti mawa mudzanenanso iye. Muuzeni mutu wanu, pamene mwafika, ndi nthawi imene yatsala. Ambiri adzayankha kuti ndilibe vuto bola a Dokotala avomere komanso a hedi adziwe. Yankho limenelo ndi lokwanira. Mu kalata musalembe dzina lake ngati sanakuloleni, chifukwa mumuika pa moto.

Nthawi zina njira yofewa ndi yoti supavaiza wachiwiri akwere akhale woyamba, wakaleyo atsike akhale wachiwiri kapena achoke mwakachetechete. Zikatero palibe amene wachita manyazi, ndipo mapepala ake amayenda msanga.

Chachisanu, kaonaneni nawo kaye

Kalata isawapeze modzidzimutsa. Munthu wamkulu kumva kwa hedi kuti wophunzira wako wakukana, zimapweteka, ndipo ambiri amene amalimbana ndi ophunzira pambuyo pake chimawawawa ndi chimenechi osati kuchokako. Pemphani mphindi 15, mukafika nenani mwachidule. Zonga izi zikwanira: "A Dokotala, ndabwera kuti mumve kwa ine musanaone kalata. Ndapeza ntchito kutali ndipo ndaona kuti sindikwanitsa ntchito ya ku filudi mmene pulojekiti ikufunira. Ndaganiza zopempha kuchoka pa pulojekiti, komanso ndipemphe dipatimenti indipatse wina woti andithandize kumaliza." Mukatero khalani chete, alankhule. Atha kukwiya, atha kukunyengererani kuti dikira pang'ono, atha kukudabwitsani nkunena kuti nanenso ndimaona kuti nthawi ikundichepera. Musalonjeze chatsopano muli mu ofesimo, ingonenani kuti ndamva, nditumiza kalata mawa.

Koma pali pamene sitepe iyi muyenera kuidumpha. Ngati chifukwa chochokera ndi choti akukufunani zachibwenzi, akukuopsezani, kapena akukuuzani kuti musinthe manambala a deta, musapite nokha ku ofesi kwawo ndipo kalata yaulemu iyi si njira yake yokha. Imeneyo ndi nkhani ya dandaulo, ipite kwa dini kapena ofesi yoona za nkhanza, ndi umboni wanu wa mameseji. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zokhudza kugonana. Kalata yopempha kusintha supavaiza mulembabe, koma ikhale yosiyana ndi ya dandaulo, musaziphatikize.

Chachisanu ndi chimodzi, kulemba kalatayo

Ikhale tsamba limodzi. Ikapitirira pamenepo ndiye kuti mwayamba kufotokoza mbiri ya mavuto, ndipo kalata imeneyi ikakhala mu fayilo yanu zaka zambiri, idzawerengedwa ndi anthu amene simukuwaganizira, mwina ngakhale amene adzakhale pa komiti yoyesa thesisi yanu.

Yolembera ndani? Yochoka pa pulojekiti imapita kwa mkulu wa pulojekitiyo, amene pa nkhani yathu ndi supavaiza yemweyo. Yopempha supavaiza wina imapita kwa amene malamulo atchula, kawirikawiri hedi kapena dini, ndipo mwa chizolowezi cha makalata a m'maofesi kuno pamakhala mzere uja wonena kuti kalata yadzera kwa ndani. Ine ndimalangiza makalata awiri osiyana, chifukwa wophunzira sachotsa supavaiza yekha, amapempha, pamene pa pulojekiti mukudziwitsa motsatira kontilakiti. Mawu ake ndi osiyana. Ndiika ya pulojekiti m'Chichewa kuti muone mafupa ake, inu mukaivale Chingerezi.

Pamwamba dzina lanu, nambala yanu ya sukulu, pulogalamu ndi tsiku. Mutu wake unene zenizeni: Kuchoka pa pulojekiti ya kasungidwe ka mtedza. Kenako:

"Wokondedwa a Dokotala,

Potsatira zimene tinakambirana Lachiwiri pa 3 Juni, ndalemba kukudziwitsani kuti ndichoka pa pulojekiti ya kasungidwe ka mtedza, ndipo tsiku langa lomaliza likhala 4 Julayi, molingana ndi notisi ya masiku 30 imene ili mu mgwirizano wathu. Ndikuchoka pa pulojekiti yokha, ndikadali wophunzira wa mastazi ndipo cholinga changa ndi kumaliza.

Chifukwa chake ndi choti ndayamba ntchito kutali ndi dera la risechi, ndipo sindingathe kupereka nthawi imene ntchito ya ku filudi ikufuna.

Tsikuli lisanafike ndipereka mayankho a alimi 120 amene ndafunsa, mafomu awo a chilolezo, laputopu, tabuleti ndi malisiti a ndalama za ulendo womaliza. Ndili wokonzeka kuonetsa amene alowe m'malo mwanga pamene ndalekezera.

Ndikupempha chilolezo chanu cholembedwa choti ndigwiritse ntchito mayankhowa pa thesisi yanga, opanda mayina a alimi, ndipo pulojekiti idzatchulidwa moyenera. Ndikupemphanso kuti tigwirizane za mayina a olemba pa pepala limene tinayamba.

Ndikuthokoza chifukwa cha mwayi umene munandipatsa, makamaka pondiphunzitsa kukonza mafunso a risechi ndi kundithandiza pa puropozo.

Ine wanu,"

Taonani zimene mulibe. Nkhani ya machaputala okhala miyezi itatu ija mulibe, ngakhale ndi yoona. Chifukwa chimodzi choona chikukwanira, ndipo musankhe chimene munthu sangatsutse komanso chosaloza chala. Koma chikhale choona ndithu, musanamizire matenda kapena maliro, dziko lathu ndi laling'ono, adzakuonani pa ukwati Loweruka. Ngati chifukwa chanu chili chokhacho cha kuchedwa kwa mayankho, chilembeni ngati nkhani ya nthawi, kuti nthawi imene yanditsalira ndi yochepa ndipo ndikufunika woti tizikumana naye pafupipafupi. Aliyense wowerenga amva chimene mukutanthauza koma palibe amene watukwanidwa.

Mulibenso kupepesa kambirimbiri. Timakonda kuyamba ndi pepani kwambiri, ndikudziwa ndakulakwirani, mundikhululukire, mpaka ndime yonse. Mukachulutsa zimenezi kalata imaoneka ngati mukupempha kuti akuletseni, ndipo ena amayankhadi kuti ayi usadandaule tipitirize, nde mwabwerera poyambira. Mawu ngati ndikuganiza kuti mwina, kapena ngati nkotheka ndikanakonda, asapezeke pa chiganizo choyamba chija. Ulemu uli pa kuthokoza ndi pa kusiya zinthu mwadongosolo. Ndipo pothokoza tchulani chinthu chenicheni chimodzi chimene anakuchitirani, kuthokoza kwa zonse zimene munandichitira kumamveka ngati mwangokopera penapake.

Yopita kwa hedi ndi yaifupi kuposa apa. Munene kuti mukupempha kusintha supavaiza, chifukwa chomwecho mwa chiganizo chimodzi, kuti mwakambirana kale ndi a Dokotala pa tsiku lakuti, pamene risechi yafika (machaputala atatu alembedwa, alimi 120 afunsidwa), ndi mwezi umene mukufuna kupereka thesisi. Ngati lekichara watsopano analola, mutchuleni. Chifukwa chimene mwalemba uku chifanane ndi cha mu kalata ina ija, popeza makalata awiriwa adzakumana pa tebulo limodzi.

Chachisanu ndi chiwiri, katumizidwe

Mukalemba igoneni usiku umodzi, m'mawa muiwerengenso mokweza, paliponse pamene mawu akumveka ngati mukubwezera fufutani. Isainireni, muisunge ngati PDF, mutumize pa imelo ya sukulu ngati muli nayo. Pa Cc ikani okhawo ofunika, kodineta ndi hedi basi. Kuika dini, rejisitala, a ku madona ndi ophunzira anzanu onse kumaoneka ngati mwaitanitsa bwalo la milandu. Makamaka madona musawalembere nokha pokhapokha kontilakiti ikutero, ameneyo ndi udindo wa mkulu wa pulojekiti. Pa WhatsApp mutha kungowauza kuti a Dokotala ndatumiza kalata ija pa imelo, koma kalatayo isakhale ya pa WhatsApp, ndipo pa gulupu ya pulojekiti musatuluke kaye mpaka tsiku lomaliza.

Sindikizaninso makope awiri mupite nawo kwa sekilitale wa dipatimenti, imodzi adinde sitampa ya tsiku mubwerere nayo. Mapepala amasowa m'maofesi, ndipo kope ya sitampayo ndi imene idzakuyankhireni wina akadzati sitinalandire.

Chomaliza, tsiku lopereka katundu ndi kudikira yankho

Lembani mndandanda wa zonse mukupereka, laputopu ndi nambala yake ya pansi ija, chaja, tabuleti, mafomu angati, mafayilo ati, malisiti a ndalama zingati. Wolandira asaine, inunso musaine, aliyense atenge kope. Ngati munkatolera deta pa KoboToolbox kapena ODK onetsetsani kuti mafomu onse a mu tabuleti atumizidwa ku seva musanaibweze, ndipo ngati akaunti inali m'dzina lanu isamutsireni kwa a pulojekiti. Ndalama za ulendo zimene simunawerengere ndi zimene zimadzatsekereza munthu pa kiliyaransi nthawi ya giraduweshoni, nde ngakhale zitatsala zochepa bwezani ndipo mulandire lisiti.

Mukapanda kumva kanthu pakatha masabata awiri, tumizani kauthenga kafupi pa imelo yomwe ija, kongokumbutsa ndi kufunsa ngati pali china chofunika kwa inu. Pakathanso awiri ena pitani kwa kodineta ndi kope ya sitampa ija. Supavaiza akakana kupereka chilolezo cha deta musakangane naye, nkhaniyo ipite kwa hedi, ndipo inu yambani kufunsa supavaiza watsopano ngati mutu ungapindidwe kuti mutolere deta yanu yochepa pafupi ndi kumene mukugwira ntchito. Ndipo mpaka mutalandira kalata yochokera ku dipatimenti yotchula dzina la supavaiza watsopano, wakale uja akadali supavaiza wanu pa mapepala, choncho lipoti la semesita likafunika nthawi imeneyi funsani kodineta kuti asaine ndani, musalisiye osapereka.